PDF ikutuluka ndi mizere yofiira komanso makomenti a anthu, ndiiyeretse bwanji?

"Ndine mlembi wa gulu la amayi oumitsa usipa kuno ku Malembo. Tinalemba pulopozo ya masamba 14 pa Word, ndiye apampando ndi asungichuma akhala akukonza ndi Track Changes n'kumaikamonso makomenti. Ndikaseva ngati PDF ikutuluka ndi zofiira, mawu okhwatchidwa, makomenti onse m'mbali, zilembo n'kuchepanso. Ikufunika ipite Lachisanu. Ndipange bwanji kuti ituluke yoyera koma zokonzazo zisasowe mu fayilo yangayo?"

Achemwali, mtima m'malo, Lachisanu mutumiza ndithu ndipo fayilo yanuyo siwonongeka. Ine ndimagwira ntchito yotaipa ndi kupulinta kuno ku Mangochi boma, ndiye vuto ili limandipeza pafupipafupi, makamaka nyengo yomwe ana asukulu akupereka ma pulojekiti awo. Ndiyamba ndi njira yachidule kuti mupume kaye, koma musathamangire kutseka foni mukaiona chifukwa kutsogoloku kuli kanthu kena kamene kakhoza kukupwetekani ngakhale PDF itatuluka yoyera mbee.

Tsegulani fayiloyo pa laputopu, pitani pamwamba pomwe palembedwa Review. Chapakati pamenepo, pafupi ndi batani la Track Changes, pali kabokosi kamene pakali pano kakuonetsa All Markup kapena Simple Markup. Dinani kamuvi kake musankhe No Markup. Zofiira zonse zizimiririka pa sikirini, mawu omwe anafufutidwa asowa, omwe anawonjezeredwa aoneka akuda ngati anzawo. Ngati Word yanu ndi yakale ija ya 2010 kapena 2007, mawu akuti No Markup simuwapeza, kumeneko amati Final, ndi chinthu chomwecho.

Kenako dinani F12 pa kiyibodi, pa malaputopu ena mpaka mugwire Fn limodzi ndi F12. Ndimakonda F12 chifukwa imakufikitsani pa bokosi lenileni la Save As, pomwe mukadzera ku File mu Word yatsopanoyi imayamba yakuonetsani tsamba lina lopanda batani lomwe tikufunalo mpaka mudine More options. Mu bokosimo, pomwe palembedwa Save as type sankhani PDF. Mukangosankha PDF muona kuti pansi patulukira batani la Options, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amadumpha n'kuthamangira Save. Dinani Options. Mkatimo muli kagawo kakuti Publish what, ndipo pali Document komanso Document showing markup. Kadontho kakhale pa Document. Dinani OK, kenako Save. Basi, PDF yatuluka yoyera, ndipo fayilo yanu ya Word ikadali ndi zokonza zonse za apampando ndi makomenti a asungichuma, palibe chomwe chafufutika.

Zomwe zimakuchitikiranizo gwero lake ndi kadontho kameneko. Word ikaona kuti mu fayilo muli zokonza zomwe zikuoneka, imaika yokha kadonthoko pa Document showing markup, imaganiza kuti mukufuna kutumizira mnzanu woti aone zomwe zasintha. Ndipo kuchepa kwa zilembo kuja n'chifukwa choti makomenti amafuna malo, ndiye Word imapanikiza tsamba lonse kuti m'mbali mutsale mpata wa timabokosi tija. Tsiku lina mukadzalandira PDF ya munthu, tsamba lili lopanikizika kumanzere, kumanja kuli kadanga kotuwa, dziwani kuti inasevedwa ndi njira yomweyi ngakhale patsamba limenelo pasaoneke komenti.

Simple Markup musaikhulupirire. Imeneyi ndi imene imapusitsa anthu kwambiri chifukwa ukaiyang'ana tsamba limaoneka laudongo, kumangotsala kamzere kofiira kowongoka m'mphepete kumanzere, munthu n'kumati zatheka. Kamzere kameneko kakutanthauza kuti pamzerewo pali chokonza chomwe chabisidwa, ndipo mukakadina zonse zimabwerera poyera. Poseva PDF sankhani No Markup, komabe mukaone Options ija ndi maso anu, musangoganiza kuti yasintha yokha.

Pali njira ina yodzera kopulinta, ndipo muidziwe chifukwa tsiku lina mudzafuna pepala lenileni loti apampando asaine. File, kenako Print. Pansi pa Settings pali batani loyamba lolembedwa Print All Pages, lidineni, mutsike pansi pa mndandandawo mupeza Print Markup ili ndi kachongi. Chotsani kachongiko ndipo chithunzi cha tsamba chomwe chili kumanja chisintha pompopompo, tsamba lidzadza bwinobwino. Mukafuna PDF kudzera njira imeneyi, pa Printer sankhani Microsoft Print to PDF, imapezeka pa Windows 10 ndi 11. Imagwira, koma ine pa pulopozo sindiikonda, chifukwa PDF yake imakhala ngati pepala lopulintidwa, mndandanda wa mitu uja sudinika kuti ukufikitse patsamba lake, ndipo malinki obisika m'mawu amafa. Ya F12 ija imasunga zimenezi. Koma mukapita ndi fulashi kokapulintitsa, muuzeni wopulintayo za Print Markup asanadine, kapena kungomupatsa PDF yoyera kale, apo ayi mulipira masamba 14 a zofiira n'kulipiranso kachiwiri.

Tsopano kanthu kaja ndimanena. PDF yoyera imene yatulukayo ikuonetsa pulopozo ngati kuti mwavomereza chokonza chilichonse chomwe munthu aliyense anapanga. Chilichonse, achemwali, ngakhale chomwe simunachiwerenge, ngakhale chomwe gulu linakana pa msonkhano. No Markup siisankha kuti ichi n'chabwino ichi ayi, imangotenga mawu onse owonjezeredwa n'kuwaika, onse ofufutidwa n'kuwachotsa.

Ndikupatseni chitsanzo cha zomwe ndinaona ndi maso. Bambo ena a komiti ya kumudzi cha ku Namwera anabwera ndi fulashi, kalata yopempha thandizo la mjigo. Mu bajeti munali mzere wa ndalama zonse, poyamba analemba K4,500,000, munthu wina anakhwatcha n'kulemba K3,800,000 ndipo pambali anaika komenti yofunsa ngati angachotse ndalama ya mayendedwe. Linali funso chabe, komiti inali isanagwirizane. PDF yoyamba yomwe anaseva okha inatuluka ndi manambala onse awiri ataphatikizana, yofiira yokhwatchidwa ndi ina yotsekedwa mzere kunsi, komenti ili pambali. Titaiyeretsa inatuluka bwino, K3,800,000 yokhayokha, yooneka ngati ndi imene anagwirizana. Koma mu tebulo la pamwamba mzere wa mayendedwe wa K700,000 unali ukadalipo chifukwa wokonzayo sanaukhudze. Ndiye munthu wowerenga akanawonkhetsa mizere ija akanapeza K4,500,000 pomwe pansi palembedwa K3,800,000, ndipo komenti yomwe ikanafotokoza kusiyanako inali itabisika. Tinazigwira chifukwa ndili ndi chizolowezi chowerenga makomenti ndisanawabise, bambowo anaimba foni kwa anzawo ali pompo, tinakana chokonzacho nambala yakale n'kubwerera. Mpaka pano ndikaganiza kuti kalata imeneyo ikanapita choncho mtima umandipweteka, chifukwa anthu a m'mudzimo akanaoneka osadziwa masamu pomwe vuto linali kabokosi ka pa Review.

Ndiye musanapange PDF yomaliza, khalani pansi ndi All Markup, mudutse chimodzichimodzi. Pa Review pomwepo pali Accept, Reject, Previous ndi Next. Ikani kasa koyambirira kwa tsamba loyamba, dinani Next, Word ikuyimikani pa chokonza choyamba. Ngati mukugwirizana nacho Accept, ngati ayi Reject, ndipo yokha imalumphira pa chotsatira. Mukafuna kudziwa kuti ntchito ndi yaikulu bwanji dinani Reviewing Pane, imatsegula mndandanda m'mbali ndipo pamwamba pake imalemba kuti zokonza zilipo zingati. Masamba 14 okonzedwa ndi anthu awiri si ntchito ya tsiku lonse, zambiri zimakhala makoma ndi zilembo zolakwika, zomwe mumangoti Accept Accept osaganiza. Pofunika kudekha ndi pa manambala, madeti, maina a anthu ndi chiganizo chilichonse cholonjeza kuti gulu lidzachita chakutichakuti.

Koma mwanena kuti simukufuna zokonzazo zisowe, ndipo mukunena zoona, chifukwa mawa asungichuma akadzafunsa kuti ndani anasintha nambala iyi umboni wake ndi womwewo. Ndiye musachite Accept mu fayilo yeniyeniyo. Pangani kope kaye. F12, isiyeni ili Word Document, ipatseni dzina lina, ine ndimangowonjezera mawu akuti yoyera kumapeto kwa dzina, ina ija n'kuisiya ndi dzina lake lakale. Zonse za Accept ndi Reject muchitire mu kopeyo. Yakaleyo isungeni, ndipo ikhaleponso pa fulashi kapena mudzitumizire pa imelo, mukudziwa mmene magetsi amathimira kuno munthu uli pakati pa ntchito, batire la laputopu litatopa kale.

Mu kope muja mukamaliza kusankha zofunika kuganizira, zotsalazo mutha kuzimaliza kamodzi. Dinani kamuvi ka pansi pa Accept musankhe Accept All Changes and Stop Tracking. Mawu akumapetowo ndi ofunika, chifukwa Track Changes ikakhala ikadali yoyaka, mukangokonza kachilembo kamodzi zofiira zayambiranso. Mutha kuizimitsanso ndi Ctrl+Shift+E, ndipo mabatani omwewa ndi amene amaiyatsa, nthawi zina anthu amaiyatsa mwangozi osadziwa. Makomenti sachoka ndi Accept, ali ndi njira yawo: kamuvi ka pansi pa Delete mu gawo la Comments, kenako Delete All Comments in Document. Ndipo komenti yomwe munaidina Resolve sinachoke ayi, yangotuwa, ikadali mu fayilo.

Ngati mwadina Accept All Changes koma zina zikuoneka zikadali zofiira, pali zifukwa ziwiri zomwe ndimakumana nazo kawirikawiri. China n'chakuti zofiirazo si za Track Changes. Pali akuluakulu ena amene pokonza amangosankha mawu n'kuwapaka utoto wofiira, kapena kuwakhwatcha ndi batani la Strikethrough, kapena kuwapaka chikasu chija. Zimenezo Word imaziona ngati kalembedwe kanu kadala, ndiye No Markup siizibisa, Document siizichotsa, zituluka mu PDF mmene zililimo. Kuzizindikira kwake n'kosavuta, ikani No Markup, chilichonse chomwe chatsala chofiira kapena chachikasu ndi cha pamanja, muchikonze pamanja pa Home. Chinacho ndi pomwe batani la Accept latuwa osadinika. Pamenepo ndiye kuti wina anakhoma fayiloyo ndi Lock Tracking kapena Restrict Editing, mwina ndi pasiwedi, mufunse amene anakhomayo. Nthawi zina imakhala kuti fayilo yachokera pa imelo ndipo pamwamba pali kamzere kachikasu ka Protected View, mukadina Enable Editing zimatseguka.

Chenjerani ndi Original. Ili mu kabokosi komweko pansi pa No Markup, ndipo nayonso imaoneka yoyera bwinobwino, kusiyana kwake n'kwakuti ikuonetsa pulopozo mmene inalili anthu asanayambe kukonza. Dzanja likangoterereka pang'ono mwasankha imeneyo, mutumiza ntchito yakale ndi zolakwika zake zonse osazindikira chifukwa palibe chofiira chokuchenjezani.

Ngati pulopozo yanu ili ndi mndandanda wa mitu koyambirira, uja wopangidwa ndi Word wosonyeza manambala a masamba, muuyang'anenso mukamaliza. Mawu ofufutidwa akamaoneka mkati mwa mizere amadya malo, ndiye akachoka masamba amafupika, mutu womwe unali patsamba 9 ukhoza kubwerera pa 8 koma mndandanda ukunenabe 9. Dinani pa mndandandawo, F9, musankhe Update entire table. Muchite izi Track Changes itazima, apo ayi mndandanda wonse usanduka wofiira. Muonenso matebulo a bajeti kuti sanaduke pakati, ndi malo osaina kuti sanatsale okha patsamba lomaliza.

Funso lomwe mwina likubwera m'mutu mwanu ndi lakuti kodi amene alandire PDF yoyerayo angathe kufukula makomenti aja? Ayi. Mukaseva ndi Document, mawu ofufutidwa ndi makomenti salowa n'komwe mu PDF, mulibe choti afukule. Chomwe chimalowa mwakachetechete ndi dzina la mwini fayilo ndi mutu wake, ngati mu Options muja muli kachongi pa Document properties. Laputopu zambiri kuno n'zogula kwa munthu kapena zobwereka, ndiye PDF ya gulu lanu ikhoza kupita ili ndi dzina la munthu wosamudziwa ngati mlembi wake. Chotsani kachongiko ngati simukufuna zimenezo.

Koma fayilo ya Word ndi nkhani ina, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse. Akakuuzani kuti tumizaninso ya Word, musatumize ija mwangoika No Markup. No Markup ndi maonekedwe a pa sikirini yanu basi, zokonza ndi makomenti zonse zikadali mkati, ndipo Word inapangidwa kuti fayilo ikatsegulidwanso izionetsa zobisikazo, n'chifukwa chake inunso mukatseka n'kutsegula mawa mupeza zofiira zabwerera, si kuti yawonongeka. Ndiye wolandirayo akangotsegula awerenga zonse, kuphatikizapo komenti ya asungichuma ngati analemba zoti apa tikweze pang'ono akadula titsale ndi kenakake. Ya Word yotumiza kunja ikhale kope ija munachita Accept ndi kufufuta makomenti. Kuti mutsimikize, pitani File, Info, Check for Issues, Inspect Document, dinani Inspect. Mzere woyamba umanena za Comments ndi Revisions, ngati mwatsala kanthu ikuuzani ndipo pali Remove All. Dziwani kuti Remove All imeneyo imavomereza zokonza zonse zotsala osakufunsani, ndipo nthawi zambiri simungabwezenso, ndiye ichitikire mu kope basi.

Pa foni sindikulangizani kupanga ntchito imeneyi. Word ya pafoni ndi mapulogalamu ena otsegulira madokyumenti ali ndi mabatani osiyana, ndipo kasikirini kakang'ono sikakuonetsani bwino ngati m'mphepete mwatsala kanthu. Ngati laputopu ya gulu yavuta, bola kukwera galimoto kupita ku Monkey Bay kapena kuno ku boma mukagwiritse kompyuta ya pa malo opulintira, koma mukamaliza mufufute fayilo yanu pa kompyuta yawoyo, musasiye bajeti ya gulu pa Desktop ya eni ake.

PDF ikatuluka musaitumize musanaitsegule. Itsegule ndi Edge kapena Chrome kapena chilichonse chomwe chilipo, mudutse masamba onse mpaka lomaliza, makamaka tsamba la bajeti ndi mawu a m'munsi mwa masamba, chifukwa zokonza zimabisalanso m'menemo. Kenako kumbukirani liwu limodzi kapena nambala imodzi yomwe mukudziwa kuti inafufutidwa, dinani Ctrl+F muilembe. Ikapanda kupezeka ndiye kuti zofufutidwa zapitadi. Lembaninso liwu lomwe mukudziwa kuti apampando anawonjezera, limeneli likuyenera kupezeka, likasowa ndiye kuti munaseva muli pa Original, bwererani ku Review mukasinthe. Ngati mu pulopozo muli zithunzi za matandala oyanikira usipa ndipo fayilo yalemera moti bandulo ikulira, mu bokosi la Save As lomwe lija pali Optimize for, sankhani Minimum size, zithunzi zichepa ukuthwa pang'ono koma mawu akhala bwinobwino. Ndipo Lachinayi madzulo atumizireni apampando ndi asungichuma PDF yomalizayo pa WhatsApp aiwerenge mmene ilili yoyerayo, chifukwa aliyense wa iwo waona zokonza zake zokha, palibe amene waona zonse zitalumikizana.